Kodi kubanki tizipitako kangati? Masamu ake ndi awa

Tiyerekeze mlimi wa kachewere ku Tsangano wagulitsa, waika K3,600,000 kubanki ku Ntcheu boma, ndipo ndalamayi akufuna izimudyetsa pang'onopang'ono chaka chonse. Akatapa yonse tsiku limodzi wapulumutsa thiransipoti koma chiongoladzanja chamudutsa, akamatapa pang'onopang'ono ndalama ikubereka kubanki koma a kabaza ndi a minibasi akumudyera. Funso limeneli analiwerengera William Baumol mu 1952 ndi James Tobin mu 1956, ndipo iwo amati ndalama ya m'thumba tiziiona ngati katundu wa mu golosale, woti umakaoda, amatha, nkukaodanso.

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Tinene kuti ulendo umodzi, kupita ndi kubwera, kuphatikiza zodula za banki ndi tsiku lomwe mwasiya kumunda, ukudya K5,000. Chiongoladzanja tinene 10 peresenti pachaka.

Apa pofunika kumvetsa ndi pamodzi basi. Mukatapa K600,000, tsiku loyamba muli nayo yonse, tsiku lomaliza yatha, ndiye mukaphatikiza masiku onse zili ngati mumasunga theka, K300,000. Theka limeneli ndi lomwe silikubereka. Ndiye ngati Y ndi ndalama yonse, N ndi maulendo, b ndi mtengo wa ulendo, i ndi chiongoladzanja, zomwe mukuluza pachaka ndi izi:

```
bN + iY/(2N)
```

Tiyese. Maulendo 4, mayendedwe ndi K20,000, chiongoladzanja chotayika K45,000, zonse K65,000. Maulendo 12, mayendedwe K60,000, chotayika K15,000, zonse K75,000. Koma maulendo 6, uku K30,000 ukunso K30,000, zonse K60,000, ndipo apa ndi pomwe pali potsikitsitsa. Sizinangochitika mwangozi kuti mbali ziwirizi zafanana ayi. Ulendo uliwonse woonjezera umadya K5,000 yomweyo, pomwe phindu lake limanka licheperachepera, pafupifupi `iY/(2N²)`, ndiye mumasiya kuonjezera pamene phindulo lafika pa b. Mukasanja bwino mumapeza:

```
N = √(iY / (2b))
```

Kwa mlimi wathu ndi 360,000 kugawa ndi 10,000, yankho 36, ndipo nambala yomwe ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 36 ndi 6.

Chomwe ine ndimafuna anthu azichigwira ndi chakuti chizindikiro cha √ chija chimafewetsa chilichonse. Chiongoladzanja chikakwera kawiri kufika 20 peresenti maulendo sakhala 12, amakhala 8 kapena 9, kuti afike 12 pafunika chikwere kanayi. Mbali inayo ndi chimodzimodzi, mvula ikaononga msewu, mafuta nkusowa, ulendo nkufika K20,000, ndiye kuti wakwera kanayi koma maulendo angotsika ndi theka, atatu basi, ndipo mumatapa K1,200,000 ulendo uliwonse. Ejenti akatsegula pa tiredingi pafupi, ulendo nkutsika kufika K1,250, maulendo amakwera kufika 12. Koma samalani, mu b mumangolowa zomwe mumalipira chifukwa choti mwayenda. Ngati akudula peresenti yofanana pa ndalama iliyonse yomwe mwatapa, imeneyo mudzailipirabe kaya mutape kamodzi kaya kakhumi, ndiye siisintha N.

Pomwe ambiri amasokoneza ndi nthawi. Aphunzitsi a ku Mayani olandira K300,000 pamwezi sangagwiritse 10 peresenti ya pachaka, ayenera kuigawa ndi 12 kaye. Akatero, ndi ulendo wa K5,000 wopita ku Dedza boma, N imatuluka theka, kutanthauza kuti ulendo umodzi wakwana. Ndiye amene amanyoza aphunzitsi kuti amasesa akaunti yonse pa pede sakuwerengera, chiongoladzanja cha mwezi wonse pa ndalama imeneyo ngakhale osaikhudza ndi K2,500 yokha, sichikwana ulendo wachiwiri. Mukaona yankho likukuuzani kuti muzipita kubanki kangapo pamwezi chonsecho thiransipoti ndi yodula, onaninso ngati i ndi Y zili za nthawi imodzi.

Masamuwa amaganiza kuti mukudya ndalama mofanana tsiku ndi tsiku, ndiye ya feteleza ndi fizi muichotse kaye, muitape nthawi yake ikakwana. Kukwera mitengo kwa zinthu musakuonjezere pa i, chifukwa kumadya ndalama ya m'thumba ndi ya kubanki yomwe. Choyenera kuonjezera ndi chomwe chimagwera ndalama ya m'nyumba yokha, akuba, moto, ngakhale achibale obwereka osabweza. Mlimi uja akaona kuti zimenezi zimamudyera 30 peresenti ya zomwe wasunga pachaka, i yake ndi 40 peresenti, ndipo K600,000 pansi pa matiresi yachuluka, azitapa K300,000 mwezi uliwonse.