Nkhuku zikafika 11 koloko: kalata yopita kwa sapulaya

Pa lesitilanti yomwe ndimayang'anira ku Lilongwe, chakudya chamasana chimayamba kutuluka 12 koloko. Kuti izi zitheke, nkhuku ziyenera kukhala zafika 7 koloko m'mawa. Shefu amazidula, kuzithira zokometsera, kuzisiya maola awiri kuti zilowerere, kenako n'kuyamba kuotcha cha m'ma 10. Zikafika 11 koloko, kasitomala wa nkhuku ndi tchipisi amauzidwa kuti lero kuli nyemba ndi ya ng'ombe basi, ndipo ena amangotembenuka pakhomo pomwepo.

Mu Meyi 2024 zimenezi zinatichitikira kangapo ndi bambo wina amene wakhala akutipatsa nkhuku kwa zaka zitatu. Ndinaimba foni, ndinakalipa, iye anapepesa, sabata yotsatira zomwezo. Zinasintha nditalemba kalata, ndipo anzanga a ntchito ngati yanga akhala akundifunsa kuti ndinalembamo chiyani.

Choyamba si cholembera ayi, ndi kabuku ka pakhomo la khitchini. Aliyense wolandira katundu amalemba pa deliveri noti nthawi yeniyeni imene galimoto yafika, dalaivala n'kusaina pambali pake. Popanda izi kalata yanu idzangonena kuti "mumachedwa nthawi zonse", ndipo yankho lake mukulidziwa kale: "Aaa bwana, kamodzi kokha kaja, tsiku lomwe kunalibe dizilo lija." Pamenepo mwayamba kukangana za amene akukumbukira bwino. Ine nditatsegula kabukuko ndinapeza kuti mwezi umenewo analeta katundu maulendo 14, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndipo anachedwa maulendo asanu. Kunena zoona, m'mutu mwanga ndinkaganiza kuti ndi khumi. Mkwiyo umachulukitsa.

Kalatayo inayamba motere:

"Okondedwa bambo, ndikuyamikira kuti kwa zaka zitatu mwakhala mukutipatsa nkhuku zabwino, ndipo pa ubwino wa nyama tilibe dandaulo. Ndakulemberani pa nkhani ya nthawi. Tinagwirizana kuti nkhuku 60 zizifika pofika 7 koloko m'mawa. M'mwezi wa Meyi zinafika mochedwa motere: pa 6 nthawi ya 8:50, pa 10 nthawi ya 9:30, pa 17 nthawi ya 10:15, pa 24 nthawi ya 11:40, ndi pa 29 nthawi ya 9:05. Masiku onsewa dalaivala wanu anasaina. Pa 24 Meyi tinakagula nkhuku 40 kusitolo pa K9,500 imodzi, pomwe mtengo wathu ndi inu ndi K8,000. Tinaluza K60,000, ndipo lisiti ndaliphatika kumbuyo."

Mwaona kuti mulibe mawu oti "mwatikhumudwitsa kwambiri" kapena "simukutilemekeza". Mawu otere amamupatsa munthu chinthu choti ayankhe chomwe si nthawi. Ndinasiyanso dala kuwerengera makasitomala omwe anabwerera, ngakhale ndiwo anandipweteka mtima kwambiri, chifukwa ndilibe lisiti ya mbale yomwe sinagulitsidwe.

Ndime yachiwiri ndi imene ambiri amaidumpha, koma ndiyo imanyamula kalata yonse. Inati: "Masiku asanu amenewa katundu tinalandira chifukwa tinalibe pogwira. Kulandira kumeneko sikutanthauza kuti tavomera kusintha nthawi. Kuyambira Lolemba pa 17 Juni, 7 koloko ndi gawo la mgwirizano wathu monga momwe mtengo ulili."

Chifukwa chake n'chotere. Pa malonda a pakati pa mabizinesi, makhoti amaona nthawi yobweretsera katundu ngati chinthu chachikulu, moti wogula angathe kukana katundu wofika mochedwa. Koma ngati mwakhala mukulandira nkhuku za 10 koloko mwakachetechete, n'kumalipira yonse osanena kanthu, mnzanuyo ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti 10 koloko mulibe nayo vuto. Simungadzuke tsiku limodzi n'kubweza galimoto yodzadza nyama yoti ionongeka. Muyenera kumuchenjeza kaye, ndi kumupatsa masiku okwanira kuti akonze zinthu zake. Ine ndinalemba pa 3 Juni n'kupereka masabata awiri. Munthu amene amapha nkhuku usiku, kuzisosola, kuziika mu ayezi ndi kuzungulira nazo malo asanu ndi limodzi sangasinthe ulendo wake pa tsiku limodzi.

Za K60,000 ija nazonso zili ndi maziko. Lamulo lathu la kugula ndi kugulitsa katundu, lomwe linatengera lamulo la ku Mangalande la 1893, limati wogulitsa akalephera kubweretsa katundu, chipukuta misozi nthawi zambiri chimawerengedwa poona kusiyana kwa mtengo womwe munagwirizana ndi mtengo wa pamsika pa nthawi yomwe katunduyo amayenera kufika. N'chifukwa chake lisiti ya kusitolo ija ndi yofunika kuposa ndime zitatu za madandaulo.

Tsopano mfundo zatsopano. Apa ndi pomwe mamanijala ambiri amapsa mtima n'kulemba kuti "mukachedwanso tidula theka la ndalama". Pali mavuto awiri. Loyamba, mgwirizano susinthidwa ndi mbali imodzi. Zomwe mwalemba ndi pempho chabe mpaka mnzanuyo atavomera, choncho pansi pa kalata pafunika malo oti asaine. Lachiwiri, ndalama yodula iyenera kufanana ndi zomwe mumaluzadi akachedwa. Ikakhala yongoopsezera, khoti likhoza kuiona ngati chilango n'kukana kuitsatira. Oda yathu ya nkhuku 60 inali K480,000. Theka lake ndi K240,000, ndipo kuchedwa kwa ola limodzi sikunatidyerepo ndalama yotere.

Ndinalemba izi m'malo mwake. Katundu akafika pakati pa 7 ndi 8 koloko, palibe chodula, popeza tonse tikuudziwa msewu wolowa m'tauni m'mawa. Akafika pakati pa 8 ndi 9, tidula K5 pa K100 iliyonse, yomwe ndi K24,000 pa oda yonse, ndalama yoyandikira zomwe timaononga poitana wothandizira kukhitchini kuti tipezane ndi nthawi. Ikakwana 9 koloko asanafike, tili ndi ufulu wogula kwina ndi kukana katundu wake, ndipo kusiyana kwa mtengo tidzachotsa pa invoisi yotsatira, lisiti ili pomwepo. Koma akatiuza pofika 6 koloko madzulo a dzulo lake kuti mawa zivuta, palibe chodula chilichonse.

Mfundo yomalizayi ndi imene ndimaikonda kuposa zonse. Ine sindifuna K24,000 ya bamboyo. Ndimafuna kudziwa usiku kuti nditulutse nkhuku za mufiriza zisungunuke bwinobwino mufiliji, kapena ndisinthe menyu ya mawa. Nkhani yoipa yofika 6 koloko madzulo ndimaikonza ndi foni imodzi. Ikafika 10 koloko m'mawa imandipeza ndili pamzere kusitolo nditanyamula basiketi.

Ndinaonjezeranso za kuzizira, chifukwa pa nyama kuchedwa sikuthera pa wotchi. Nkhuku zonyamuka 5 koloko m'bandakucha n'kufika 11:40 zakhala maola pafupifupi asanu ndi awiri kumbuyo kwa pikapu, ayezi atasungunuka kalekale. Pa 24 Meyi paja ndinatsegula bokosi n'kupeza nkhuku zikuyandama m'madzi ofiirira. Tinalandirapo 20 zokha zomwe zinali pansi, pomwe panali ayezi wotsala, titaziyeza. Choncho kalata inati tiziyeza ndi kachipangizo kobaya m'nyama, pantchafu, dalaivala akuona, ndipo zikapitirira madigiri 5 sitilandira, kaya zafika 6 koloko.

Ndisanatumize, ndinachita chinthu chomwe sichinandisangalatse: ndinapita kwa akauntanti wathu kukafunsa mmene ife timamulipirira bamboyu. Tinagwirizana masiku 30. Ma invoisi awiri omaliza tinalipira patatha masiku 41 ndi 46. Ndinapezanso pa WhatsApp kuti shefu wathu anasinthapo oda katatu cha m'ma 9 koloko usiku, kuchoka pa 60 kufika pa 80. Woweta nkhuku amagula chakudya cha nkhuku ndi ndalama ya m'manja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya chakudyacho ndi mankhwala inakwera kwambiri. Munthu wotere akakhala ndi makasitomala asanu ndi mmodzi ndi galimoto imodzi, amayambira kwa amene amalipira msanga. Ife tinali omaliza pa ulendo wake, ndipo tinadziika tokha pamenepo.

Ndiye kalatayo inavomera: "Ifenso tinachedwa kulipira ma invoisi awiri, ndipo tapepesa. Kuyambira pa 17 Juni tizilipira pasanathe masiku asanu ndi awiri. Oda tizitsimikiza pofika 12 koloko masana a dzulo lake, ndipo sitidzaisinthanso ikadutsa nthawi imeneyo. Mukafuna kukweza mtengo, mutidziwitse masiku 14 zisanachitike, tikhale pansi." Eni lesitilanti poyamba anakana, ati tikudzichepetsa kwa munthu wolakwa. Ndinawauza kuti ngati sitizitchula ife, adzazitchula iye m'yankho lake, ndipo kalata yathu idzaoneka ya anthu ofuna kulandira okha. Komanso ndi masiku asanu ndi awiri amenewo omwe akanamupangitsa kusaina zodulidwa ndalama.

Kumapeto ndinalemba zotsatira zake mosabisa: tiyesa mfundozi kwa mwezi umodzi, ndipo katundu akadzafika itadutsa 9 koloko kawiri m'mwezi umenewo popanda chidziwitso, oda ya Lachisanu tidzaipereka kwina. Sindinalembe kuti tithetsa zonse, chifukwa sindikanatero. Kupeza munthu wina wobweretsa nkhuku 60 zolemera mofanana katatu pa sabata si ntchito ya tsiku limodzi, ndipo sapulaya amadziwa pamene mukungoopseza. Za Lachisanuzo ndinali nditalankhula kale ndi mayi wina woweta nkhuku, mtengo tinali titamvana.

Kalata yonse inakwana tsamba limodzi ndi theka. Sindinaipereke kwa dalaivala, yemwe alibe mphamvu yovomera kanthu ndipo akanaiiwala m'galimoto. Ndinaimbira mwini wake foni kumuuza kuti kukubwera kalata, asadabwe, kenako ndinapita nayo ndekha makope awiri. Anaiwerenga ataimirira pafupi ndi khola, n'kufika pa masiku aja, anangoti, "Pa 24 paja ndiye zinalidi zoipa." Anakana chinthu chimodzi: Lolemba 7 koloko sangakwanitse, chifukwa Lamulungu anyamata ake sagwira ntchito ndipo amapha nkhuku m'bandakucha wa Lolemba lomwelo. Tinakhwatcha ndi bolopeni, n'kulemba 8 koloko pa Lolemba lokha, tonse tinasaina pambali pa chosinthacho. Kuyambira pamenepo shefu amasunga nkhuku 20 za Lachisanu mufiriza zoyambira Lolemba.