Nsima ya masana ndiyo imathamanga m'bwalo madzulo

Anyamata a matimu a mpira a m'komboni kuno ku Chipata akamadandaula kuti miyendo imalemera theka lachiwiri, ine sindifunsa kuti anadya chiyani. Ndimayamba ndi kufunsa kuti anadya nthawi yanji.

Titenge mnyamata wolemera makilogalamu 65, amene amagulitsa pamsika wa Kapata ndipo timu yake imakumana 4 koloko madzulo. Nsima ayenera kudya pakati pa 12 ndi 1 koloko, ndiye kuti kudakali maola atatu kapena anayi. Nsima, mpunga ndi kandolo ndi zakudya zopatsa mphamvu, koma thupi limafuna nthawi kuti lizigaye ndi kusunga shuga wake m'minofu ndi m'chiwindi. Akadya 3 koloko, chakudya chimakhala chikadali m'mimba pomwe magazi akuthamangira kumiyendo, ndiye amamva nseru kapena kubaya m'nthiti. Ndiwo zikhale zopanda mafuta ambiri, monga kapenta kapena mazira. Nyemba, kabichi ndi ndiwo zotendera ndi zabwino ndithu, kungoti zimachedwa m'mimba ndipo ena zimawatupitsa. Azisungire usiku.

Ngati makasitomala amuchedwetsa mpaka kwatsala ola limodzi, nsima ailekeretu. Nthochi ziwiri kapena buledi ndi kapu ya thobwa zikwana. Vitumbuwa ayi, mafuta ake ndi ochuluka.

Madzi nawo ali ndi nthawi yake. Pa kulemera kwakeku amwe pafupifupi mamililita 400 nthawi ya nsima ija, kenako aone mkodzo. Ukakhala wochepa komanso wachikasu kwambiri, aonjezere kapu ina kutatsala maola awiri. M'bwalo azimwa pang'onopang'ono nthawi iliyonse yopuma, osati kugugudiza botolo lonse kamodzi.

Kutentha kwa mu Okutobala kumanyenga, chifukwa thukuta limauma msanga ndipo munthu sadziwa kuti wataya madzi ochuluka bwanji. Sikelo ndiyo imanena zoona. Akwerepo asanayambe, akwerenso atamaliza, atavula jezi yonyowa. Ngati watsika kuchoka pa 65 kufika pa 64, chapitacho si mafuta, ndi madzi okwana lita imodzi. Abwezere lita imodzi ndi theka m'maola otsatira, pamodzi ndi chakudya cha mchere, popeza madzi opanda mchere amangotuluka ngati mkodzo. Mowa subwezera madzi, ngakhale timu itawina.

Zomanga thupi zimafunika akachoka m'bwalo, kuti minofu ikonzeke. Magalamu 20 a mapuloteni ndi okwanira, ndipo amapezeka m'mazira awiri ndi kapu ya mkaka, popanda kugula ufa wodula wa m'zitini. Ngati mawa kulibe mpira, nsima ya usiku ndi nyemba zija zimaliza ntchito. Koma pa mpikisano wosewera Loweruka n'kuseweranso Lamlungu, asadikire kufika kunyumba: kandolo wophika kapena maheu akhale m'chikwama, adye ola loyamba lisanathe.