Batani lofuna khosi, msoko wofuna kubwerera m'mbuyo

Malaya ambiri amene amandifikira kuti ndiikenso batani amakhala atasokedwapo kale kunyumba, ndipo wosokayo amakhala atachita khama. Ulusi umakhala wambiri, wokokedwa mwamphamvu, batani litamatirira pansalu. Pakapita milungu ingapo, bataniyo imagwanso, ndipo nthawi zina imachoka ndi kansalu komwe. Chomwe chimalakwika ndi kuthina kumeneko.

Taonani mmene batani limagwirira ntchito. Mukamanga malaya, nsalu ya mbali ya bowo imalowa pansi pa batani n'kukhala pakati pa batanilo ndi nsalu imene lasokedwapo. Ndiye kuti pansi pa batani pamafunika malo okwana nsalu imeneyo. Malowo akasowa, nthawi iliyonse imene mukumanga mumakakamiza batani kuti lidzuke, ulusi umakhuzika m'mphepete mwa mabowo, ndipo nsalu imakokeka mpaka kubooka. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mukamanga, nsalu yozungulira batani imachita makwinya ngati yatsinidwa.

Titenge batani la mabowo anayi la pajekete lomwe likulendewera. Musasoke pamwamba pa ulusi wakale, chifukwa ulusiwo watha kale. Uduleni ndi sizasi, muzule tizidutswa tonse. Timabowo tomwe singano yakale inasiya tikuonetsani pamene batani linali. Ngati sitikuoneka, mangani mabatani enawo, muyale jekete bwino, mulase phini pabowo la batani losowalo, ndipo pamene phiniyo yagwera ndi pomwepo.

Dulani ulusi wa masentimita 70, muulowetse m'singano n'kuupinda pawiri, mumange mfundo kumapeto. Ulusi wautali kuposa pamenepa umangopotana n'kukuchedwetsani. Ine ndimakonda wa poliyesitala chifukwa suduka msanga ngati wa thonje lokha. Yambani ndi timisoko tiwiri ting'onoting'ono pansalu pamalo a batani, lisanaikidwe, kuti mphamvu isatsamire pamfundo yokha. Kenako tulutsani singano pabowo loyamba, mugoneke kamtengo ka machesi pamwamba pa batani pakati pa mabowo, mulowetse singano pabowo lachiwiri ulusi utadumpha kamtengoko. Bwerezani kanayi kapena kasanu pamabowo awiriwo, muchitenso chimodzimodzi pa awiri otsalawo. Yang'anani mabatani anzake: ngati ulusi wawo ndi wopingasana, pingasani, ngati ndi mizere iwiri, tsatirani mizere.

Tsopano solorani kamtengo kaja. Batani likhala lolobodoka, ndipo n'zimene tikufuna. Likokereni m'mwamba, mutulutse singano pakati pa batani ndi nsalu, muzungulize ulusi kasanu molimba pa ulusi woimirira uja. Mwapanga khosi. Khosi limeneli ndilo limasunga malo a nsalu inayo, komanso limamanga ulusi wonse pamodzi kuti usaduke umodziumodzi. Lowetsani singano kuseri kwa nsalu, muidutsitse pansi pa timisoko tanu, mumange mfundo kawiri musanadule. Pashati yopyapyala kamtengo ka machesi n'kakakulu, phini ikwanira. Batani lomwe lili ndi kamphete kake kunsi silifuna zonsezi chifukwa khosi linabwera nalo.

Mukapeza kuti pansi pa batani nsalu yabooka, musasoke pabowopo. Ikani kachigamba ka nsalu yolimba kuseri, kotalika masentimita awiri mbali zonse, mukagwirizitse ndi timisoko, ndipo singano ya batani izidutsa m'nsalu zonse ziwiri.

Pamsoko, choyamba ndi kutembenuza chovala n'kuona chimene chagonja. Nthawi zambiri umakhala ulusi: nsalu zonse ziwiri zili bwinobwino, mzere wa timabowo ta singano ukuoneka, kungoti palibe chozigwira. Imeneyo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma ngati nsalu yeniyeniyo yang'ambika pambali pa msoko, nkhani yake ndi ina, ndipo ndibwereranso pamenepo.

Tinene kuti shati yatseguka kukhwapa, masentimita asanu. Anthu ambiri amayamba kusoka pamene mpata wayambira n'kulekeza pamene wathera, ndipo pochapa koyamba imatsegukanso pambali penipeni pa pomwe anasoka. Chifukwa chake n'chakuti msoko wa makina uli ndi ulusi uwiri, wapamwamba ndi wapansi, wokolana m'kati mwa nsalu. Ukaduka pamalo amodzi, timisoko toyandikana napo timakhala titamasuka kale ngakhale tikuoneka tabwino. Choncho kokani nsalu pang'ono kumapeto onse a mpatawo, musolole timisoko tolobodoka mpaka mufike pogwira zolimba. Nsonga ziwiri za ulusi wakale zikatalika mokwanira, zimangeni pamodzi. Mpata wanu mwina wafika masentimita asanu ndi awiri tsopano, ndipo musadandaule nazo, umenewo ndiye kukula kwake kwenikweni.

Lumikizani nsalu ziwirizo, timabowo takale tiyang'anizane, mugwire ndi maphini atatu olasidwa mopingasa. Apa ulusi ukhale umodzi, osapinda pawiri, wamtundu wa shatiyo. Mtundu weniweni ukasowa, sankhani woderako pang'ono, chifukwa wowala umaonekera patali. Yambirani masentimita awiri m'kati mwa msoko wabwino, pamwamba pa ulusi wakale.

Msoko woyenera pano ndi wobwerera m'mbuyo. Tulutsani singano pamzere, muilowetse mamilimita atatu kumbuyo kwa pamene yatulukira, iyende kunsi n'kutulukira mamilimita atatu kutsogolo kwa pamene ulusi uli. Kenako ibwezeni pabowo limene kamsoko kapitako kathera, ndi kupitiriza motero. Mbali yoyang'ana inu muona mzere wosaduka ngati wa makina, kunsi timisoko tikusanjikizana. Kusanjikizanako ndiko mphamvu yake, ndipo kumapatsa msoko mpata wotamuka pang'ono mkono ukakwezedwa. Msoko wongolowa ndi kutuluka, umene ambiri amauthamangira chifukwa ndi wachangu, sungapirire kukhwapa: ulusi wake ukangoduka pamalo amodzi, wonse umasoloka.

Kakokedwe ka ulusi kamafuna diso. Mukakoka kwambiri, msoko umakwinyika ndipo ulusi umaduka tsiku lomwe chovala chatamuka. Mukalekerera, mukatembenuza shati n'kukoka mbali ziwirizo muona ulusi ukusuzumira pakati. Imani mutasoka timisoko tisanu, muyale nsalu pabondo, muone ngati yagona bwino. Mukafika kumapeto a mpata, pitirirani masentimita awiri m'msoko wabwino, musoke katatu pamalo amodzi, mumange mfundo. Sitani msokowo kuseri, muugonekere mbali imene unagonera kale.

Tibwerere ku nsalu yong'ambika ija. Ngati m'mphepete mwangoyoyoka pang'ono, sokani mamilimita atatu m'kati mwa mzere wakale, pansalu yamoyo, ndipo mulowe ndi kutuluka mumzerewo mopendekera pang'onopang'ono kuti pasachite kona. Dziwani kuti pamenepo chovala chachepako, ndipo ngati chinang'ambika chifukwa chothina, chidzang'ambikanso. Nsalu ikakhala yopyapyala moti mukaiyang'anitsa kowala mukuona kuwala kukudutsa, singano yanu ingoonjezera mabowo ong'ambikira. Pamenepo pamafunika chigamba kuseri chofika pansalu yolimba mbali zonse, ndipo msoko watsopano udutse pachigambacho.