Kuchepa kwa Magazi: Ayironi Watha Kapena Watsekeredwa?

Wophunzira unamwino akangoyamba kugwira ntchito m'wodi, mawu amene amamva tsiku lililonse ndi akuti "magazi achepa". Mutembenuza chikope cha wodwala, muyang'ana zikhatho, zonse zayera mbee. Zotsatira za kulabu zibwera, Hb, mlingo wa himogulobini m'magazi, yatsika. Apa ambiri amangothamangira mapiritsi owonjezera magazi. Koma odwala awiri akhoza kukhala ndi Hb yofanana, wina mapiritsiwo n'kumuchiritsa, winayo osamuthandiza n'komwe.

Malire a bungwe la WHO ndi awa: magazi achepa ngati Hb ili pansi pa 13 g/dL kwa bambo, pansi pa 12 kwa mayi amene sali woyembekezera, ndi pansi pa 11 kwa mayi woyembekezera, kupatula m'miyezi itatu yapakati ya mimba pamene malire ndi 10.5. Nambalayi imangokuuzani kuti vuto lilipo. Chimene chabweretsa vutolo siinena.

Kuti mumvetse kusiyana kwake, dziwani kaye mmene ayironi amayendera. Thupi limamufuna popanga himogulobini, imene imanyamula mpweya wa okosijeni m'maselo ofiira. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120. Likakalamba limaphwanyidwa, makamaka m'kapamba, ndipo ayironi wake amabwezedwa m'mafupa kuti akapangire maselo atsopano. Kuchokera m'chakudya thupi limangotenga mamiligalamu 1 kapena 2 patsiku. Wotsala amasungidwa m'chiwindi ndi malo ena, m'puloteni yotchedwa feritini. Feritiniyi muione ngati nkhokwe. Pa kuchepa kwa magazi kobwera chifukwa chosowa ayironi, m'nkhokwe mulibe kanthu. Pa kuchepa kwa magazi kobwera ndi matenda okhalitsa, chimanga chili tho, koma nkhokwe yatsekedwa ndipo banja likugona ndi njala.

Tiyerekeze kuti kwabwera mayi wa zaka 24 wochokera ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Anabereka miyezi 8 yapitayo, msambo wabwerera ndipo akutaya magazi ambiri. Amalima mpunga osavala nsapato. Akuti akayenda pang'ono mtima umagunda kwambiri, amamva chizungulire. Mukamufunsa mofatsa, akuvomera mwamanyazi kuti amalakalaka dothi ndipo amadya. Zikhadabo zake n'zopyapyala, zina zalowa pakati, m'mbali mwa milomo mwang'ambika. Zotsatira za FBC, kuyeza kwa maselo a m'magazi, zikuti Hb 8.2, MCV 68 fL. Feritini ndi 6 µg/L.

MCV imasonyeza kukula kwa selo lofiira, ndipo kwa munthu wamkulu imayenera kukhala pakati pa 80 ndi 100. Ya mayiyu yatsika chifukwa mafupa akasowa ayironi amatulutsa maselo aang'ono, otumbululuka. Feritini yochepera 15 ndi umboni wokwanira kuti ayironi watha.

Koma musaime pamenepo. Funso lalikulu ndi lakuti ayironiyo wapita kuti, chifukwa kwa munthu wamkulu nthawi zambiri amatuluka ndi magazi. Kwa mayiyu njira zake zilipo zingapo: mimba ndi uchembere, msambo wochuluka, njoka za m'mimba zimene zimalowa pakhungu la phazi n'kukayamwa magazi m'matumbo, komanso likodzo, limene n'lofala m'madera a m'mbali mwa nyanjayi. Mufunseni ngati mkodzo wake umakhala ndi magazi kumapeto. Akanakhala bambo kapena mayi amene anasiya kusamba, tikanaganizira zilonda za m'mimba kapena khansa ya m'matumbo, ndipo ameneyo sitimubweza kunyumba ndi mapiritsi okha asanafufuzidwe.

Mayiyu alandira mapiritsi a ayironi monga alembere dokotala kapena kiliniko ofisa. Piritsi la ferasi salifeti la mamiligalamu 200 limakhala ndi ayironi weniweni wokwana pafupifupi 65. Alandiranso alubendazo wa njoka, ndi purazikwantelo ngati likodzo lapezeka. Ntchito yanu yaikulu ili pa uphungu, ndipo pano mpamene chithandizo chimakonda kulephera. Muuzeni asanachoke: "Mayi, chimbudzi chanu chikhala chakuda, musaope, ndi mankhwalawa. Mseru ukakuvutani imwani mutadya kaye pang'ono. Musamwere tiyi, amatsekereza ayironi kulowa m'thupi." Malambe, magwafa kapena mandimu amathandiza ayironi kulowa bwino. Usipa, matemba, chiwindi, nyemba ndi bonongwe n'zabwino, koma ndiwo zokha sizingakweze Hb ya 8.2 msanga. Mapiritsi asungidwe patali ndi ana, chifukwa mwana akameza ambiri akhoza kufa.

Tsopano wodwala wachiwiri, bambo wa zaka 41 wa ku Chinamwali. Wakhala akutsokomola miyezi iwiri, amatuluka thukuta usiku, waonda. Makhololo asonyeza TB. Hb yake ndi 9.6, MCV 84, feritini 320. Zikhatho zake zayera mofanana ndi za mayi uja, koma ayironi ali naye wambiri.

Chikuchitika n'chakuti matenda akakhalitsa m'thupi, chiwindi chimatulutsa homoni yotchedwa hepisidini yochuluka. Hepisidini imatseka khomo limene ayironi amatulukira m'maselo osungira, imatsekanso khomo la m'matumbo. Thupi limachita dala zimenezi kuti limane tizilombo ayironi, poti nato timamufuna kuti tiswane. Tsoka ilo, mafupa nawonso amamanidwa. Kuwonjezera apo, maselo ofiira amafa msanga pang'ono, ndipo homoni ya ku impso yolimbikitsa kupanga magazi sigwira ntchito mokwanira. Zoterezi mudzazipeza kwa odwala TB, HIV yosalamulirika, khansa, nyamakazi yotupitsa mfundo ndi matenda a impso.

N'chifukwa chake mapiritsi a ayironi samuthandiza kwenikweni bamboyu. Khomo la m'matumbo latsekeka, ambiri angodutsa, ndipo mwangomuwonjezera mseru pamwamba pa mankhwala a TB amene ayenera kumwa miyezi 6 osadumphitsa. Chimene chikweze magazi ake ndi kuchiza TB. Matenda akamagonja hepisidini imatsika, ayironi amamasuka, Hb imakwera pang'onopang'ono.

Pali msampha umodzi umene muyenera kuudziwa. Feritini imakwera yokha munthu akakhala ndi matenda, ngakhale ayironi ali wochepa. Choncho wodwala TB amene feritini yake ndi 40 akhoza kukhala ndi mavuto onse awiri. WHO imati kwa munthu wamkulu amene akudwala, feritini yochepera 70 ikhoza kusonyeza kusowa kwa ayironi. Si chipatala chilichonse chimene chimayeza feritini, ndiye mbiri ya wodwala ndi MCV n'zimene mudzadalire kwambiri. Kuchepa kwa magazi kwa matenda okhalitsa nthawi zambiri sikufika patali, ndipo MCV imakhala yabwinobwino kapena yotsika pang'ono. Hb ikatsika kudutsa 8, kapena MCV ikatsika kwambiri, funafunani china chowonjezera: kutaya magazi, malungo, kapena mankhwala amene akumwa.

Aliyense mwa awiriwa akayamba kubanika atangokhala, mtima ukuthamanga, mapazi atatupa, kapena wasokonezeka mutu, itanani dokotala nthawi yomweyo, chifukwa mwina afunika kumuthira magazi.

Mayi wa ku Kachulu abwerenso pakatha masabata anayi. Ngati mankhwala akugwira, Hb iyenera kukhala itakwera ndi 1 mpaka 2 g/dL. Ikafika pabwino apitirize kumwa miyezi ina itatu kuti ayironi wosungidwa abwerere. Ikapezeka kuti sinasunthe, mufunseni mwaulemu ngati akumwadi mapiritsi, mufunsenso za msambo ndi mkodzo, kenako mudziwitse dokotala kuti ayezedwe HIV, TB ndi impso.