Mukapsa ndi mafuta thamangirani kumpopi, mankhwala otsukira mano asiyeni

Ndatopa nako kupala mankhwala otsukira mano pa zilonda zamoto. Ndine namwino kuno ku Lilongwe, ndipo anthu akubwerabe atapakidwa zoyera mbuu, ena dzira, ena mchere, ena zitsamba zosinja zogula pamsika.

Mayi wina wa ku Area 25 sandichoka m'maganizo. Anatsuka nkhuku n'kuiponya m'mafuta madzi ali chuchuchu. Mafuta okazingira amafika madigiri 180, pomwe madzi amawira pa 100. Dontho la madzi likamira m'mafuta otere limasanduka nthunzi pompo, n'kufufuma kuposa ka 1,000, ndipo nthunziyo ndi imene imaponya mafuta kunja. Mafutawo anawathovukira mayi aja padzanja lamanja. Mafuta sayoyoka ngati madzi, amamatirira pakhungu n'kumapitiriza kuotcha.

Apongozi awo anawapaka mankhwala a mano ndi dzira, n'kumanga chitenje. Mphete sanavule. Anafika kwa ife patatha masiku 4, dzanja litatupa, mphete italowa m'mnofu, bala likutuluka mafinya. Mphete tinachita kudula. Zala ziwiri sizipindika bwino mpaka lero, chonsecho ndi mayi wogulitsa mandasi. Chimandipweteka n'chakuti mpopi unali pakhomo pomwepo.

Chofunika ndi madzi ozizira wamba, oyenderera pabalapo kwa mphindi 20. Yang'anani nthawi pafoni, chifukwa ambiri amasiya pa mphindi ziwiri ululu ukangochepa, pomwe mnofu wa m'kati ukupsabe. Madzi akasiya kumipopi, tungani a m'ndowa ndi kapu, muzithira pang'onopang'ono. Ngakhale mwachedwa, madziwa amathandizabe m'maola 3 oyamba. Ayezi ayi, amaononga khungu lomwe lavulala kale. Ngati ndi mwana, ziziritsani pomwe papsa pokha, thupi lonselo mum'funde.

Mukuthira choncho, vulani mphete ndi zibangili kutupa kusanayambe. Nsalu yomwe yamatirira pabala musaisomphole. Matuza musaboole, ndiwo akutchinga tizilombo. Mukatha phimbani ndi nsalu yochapa yopanda ubweya kapena pulasitiki woyera, osamanga zolimba.

Ndipo chonde, musamadikire kuti muone mmene kuchere. Bala likaposa chikhatho cha wopsayo, likakhala kumaso, m'manja, kumaliseche kapena popindika ngati pachigongono, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mwana wamng'ono ndiye osaganiza kawiri. Bala loyera kapena louma ngati chikopa koma losapweteka musalione ngati laling'ono: mitsempha yomvera ululu yapsa, ndipo mabala otere timawatumiza ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central.

Kuti mupewe kupsa pokazinga, nkhuku, chambo kapena mbatatesi za tchipisi, zikheni madzi n'kuzipukuta ndi kansalu. Zochoka mufiriji zisungunuke kaye. Poika m'mafuta tsetserezani kuchokera m'mphepete mwa chiwaya molozetsa kutali ndi inu, ndipo mwana yemwe ali kumsana ayambe watsika. Mafuta akagwira moto vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, musayerekeze kuthirapo madzi.