Mankhwala a khunyu kwa mayi woyembekezera: asiye kapena apitirize?

Mayi wodwala khunyu amene amamwa mankhwala otchedwa valupuroeti akazindikira kuti waima, nthawi zambiri amathamangira kusiya mankhwala. Mantha akewo ndi omveka. Pa ana 100 obadwa kwa amayi omwe ankamwa valupuroeti, pafupifupi 10 amabadwa ndi chilema chachikulu, pamene kwa amayi ena amakhala awiri kapena atatu. Chilema chodziwika kwambiri ndi msana wosatsekeka, ndipo ana ena amadzachedwa kulankhula ndi kuphunzira.

Koma tiwerengere masiku. Msana wa mwana umatsekeka pofika tsiku la 28 mimba itakhala, mayi atangodumpha msambo ndi milungu iwiri yokha. Akamayamba sikelo mimba ili ndi miyezi itatu kapena inayi, ziwalo zimakhala zitaumbika kale. Kusiya mankhwala mwadzidzidzi sikubweza zimenezo. Kumangodzutsa matenda: mayi akagwa n'kumaphupha, mwana amaperewera mpweya, ndipo mayiyo angagwere pamoto kapena m'madzi. Dokotala ndiye amene angachepetse mlingo kapena kusintha mankhwala pang'onopang'ono, popeza ubongo wa mwana umakulabe mpaka kubadwa.

Kuyeza mbali ziwiri kotereku ndiye maziko a zilembo zimene mumaziona m'mabuku a mankhwala. Pakati pa 1957 ndi 1961, talidomaidi, amene amayi ankamwa pothetsa nseru, analumaza ana oposa 10,000, ambiri anabadwa ndi manja kapena miyendo yosakwanira. Patapita zaka chichitikireni ngoziyi, mu 1979, bungwe la FDA loyang'anira mankhwala ku America linagawa mankhwala m'magulu A, B, C, D ndi X. Gulu A ndi la mankhwala oyesedwa pa amayi oyembekezera osapezeka vuto. B kawirikawiri amadalira kafukufuku wa pa nyama. D akutanthauza kuti umboni woti amavulaza mwana ulipo, koma phindu kwa mayi lingapose ngoziyo. X ndi pamene ngozi yaposa phindu lililonse.

N'chifukwa chake valupuroeti yemweyo anali D kwa wodwala khunyu, koma X kwa womwa pofuna kupewa mutu waching'alang'ala. Mankhwala ndi amodzimodzi, chosiyana n'chimene mayi angataye akawasiya.

Gulu C ndilo linkasokoneza kwambiri, ngakhale ife azachipatala. Linkaphatikiza mankhwala amene anavulaza ana a nyama ndi ena amene sanafufuzidwe n'komwe, koma anthu ankawerenga zilembozo ngati makwerero a ngozi. Mu 2015 bungweli linayamba kuzichotsa, n'kulamula kuti ngozi zake zizifotokozedwa m'mawu.

Kwa wodwala khunyu, nkhaniyi ndi yokambirana mimba isanakhale: kulera kaye, kusintha mankhwala ngati kungatheke, ndi kuyamba kumwa vitamini wotchedwa foliki asidi, amene ambiri timapereka mamiligalamu 5 patsiku. Ameneyu amachepetsa ngozi ya msana wosatsekeka, koma kwa womwa valupuroeti saichotseratu.