Ola limodzi loonjezera pa makina amene akutchinga ntchito: likubweretsa zingati kwenikweni?

Ndili ndi wekishopu ya ukalipentala, makina opala matabwa ndi amodzi okha ndipo ntchito imaunjikana pompo. Mnyamata wanga akuti tizichita ovataimu. Ndidziwa bwanji ngati ola limenelo likupindula?

Achimwene, makina amenewo ndi omwe a akaunti amati botoneki, malo opapatiza pomwe ntchito yonse iyenera kudutsa. Macheka atha kudula matabwa tsiku lonse, koma ngati pulena ikungopala maola 40 pa sabata, wekishopu yonse ikugulitsa za maola 40 basi. Ndiye kuwerengera kwake timayambira pa pulenapo.

Njirayi anaitchukitsa ndi Eliyahu Goldratt, wa ku Israel, m'zaka za m'ma 1980, ndipo amene akulemba mayeso a akaunti a ACCA kapena CIMA amakumana nayo. Chinthu chachikulu ndi thuruputi: mtengo wogulitsira kuchotsapo ndalama za zipangizo zokha, monga matabwa, guluu, misomali ndi vanishi. Malipiro a pamwezi ndi lendi musazikhudze kaye, zimenezo mulipirabe kaya mwapanga chitseko kaya ayi.

Tiyerekeze manambala, inu muikapo anu. Benchi mumagulitsa K30,000, zipangizo K18,000, yatsala K12,000, ndipo imadya mphindi 15 pa pulena, ndiye pa ola ikubweretsa K48,000. Chitseko K90,000, zipangizo K50,000, yatsala K40,000, ola limodzi ndendende. Tebulo K200,000, zipangizo K110,000, yatsala K90,000, koma limakhala pa pulena maola 3, ndiye pa ola ndi K30,000 yokha. Mwaona? Tebulo lija mumalinyadirali ndi lomwe lili kumapeto.

Ndiye ola loonjezera ndi K48,000 eti, popeza benchi ndiye ili pamwamba?

Ayi ndithu, apa ndi pomwe ambiri amagwera. Funsani kaye kuti ola limenelo mupangira chani. Tinene kuti maoda a pa sabata ndi mabenchi 32, zitseko 20 ndi matebulo 10. Mabenchi atenga maola 8, zitseko maola 20, atsala maola 12 omwe akwanira matebulo 4. Mabenchi onse ofunika mwapanga kale m'maola anu 40 aja, benchi ya nambala 33 ilibe mwini, ingokhala pakhonde nkumadya fumbi. Chomwe chikudikira ndi matebulo 6, ndiye ola la 41 lipita ku tebulo ndipo mtengo wake ndi K30,000.

Komanso K30,000 imeneyo si yonse yolowa m'thumba. Chotsani ndalama zomwe zatuluka chifukwa cha ola limeneli lokha: ovataimu ya mnyamata tinene K4,000, ndipo ngati magetsi azima mukuyendera jenereta, dizilo wa K8,000. Yatsala K18,000. Ngati magetsi alipo, m'malo mwa dizilo muchotse mayuniti a ola limenelo, phindu likwererapo.

China chomwe papepala sichioneka: palibe kasitomala amagula kagawo ka tebulo. Ola limodzi lokha ndalama simuiona, mwangosiya matabwa opalidwa theka. Muganize za maola 3, omwe abweretsa K90,000, kuchotsa K36,000, phindu la sabata lakwera ndi K54,000.

Nanga lendi ndi malipiro bwanji osagawira pa ola limenelo? Akauntanti wanga amagawa.

Amagawa pofuna china. Pali chiwerengero chomwe pa mayeso amalemba kuti TPAR: thuruputi ya pa ola mugawe ndi ndalama zoyendetsera fakitale pa ola la botoneki. Ngati lendi, malipiro ndi zina zotero zikukwana K1,000,000 pa sabata, pa maola 40 ndi K25,000 pa ola. Tebulo ndi 30,000 kugawa ndi 25,000, yankho 1.2, lapyola 1, zili bho.

Koma tinene alandilodi akweza lendi, anyamata nawo mwawakwezera, zonse zafika K1,400,000. Pa ola ndi K35,000 tsopano, tebulo latsika kufika cha m'ma 0.86. Munthu wa phuma anena kuti siyani matebulo akukudyerani ndalama. Musiye muone. Maola 12 aja pulena ingokhala, K360,000 yapita, pomwe alandilodi akugogodabe pa 30. Chiwerengerocho chikukuchenjezani kuti wekishopu singakhalire matebulo okha, mwina mtengo ukwere kapena mupeze ntchito ina yolipira bwino pa ola. Sichikunena kuti ola loonjezera ndi losi. Lendi sikwera chifukwa pulena yalira mpaka 6 koloko madzulo, ndiye m'masamu a ola loonjezera isalowemo.

Ndingaonjezere maola mpaka angati?

Matebulo 6 otsala ndi maola 18. Mukapyola pamenepo ola lililonse ndi ziro, kuchotsanso ovataimu ndi dizilo, mukulipira kuti mudzaze shedi.

Koma kawirikawiri simufikako nkomwe ku 18, chifukwa botoneki imasamuka. Mukamasula pulena, mupeza kuti wopaka vanishi amangokwanitsa matebulo 6 pa sabata, makamaka nthawi ya dzinja pomwe vanishi amachedwa kuuma. Zikatero ndi maola 6 oyamba okha omwe akulipira, enawo mwangosamutsa mulu kuchoka pa pulena kupita kwa wopaka. Kudziwa kwake nkosavuta, yendani m'wekishopu Lachisanu masana muone pomwe katundu wosatha waunjikana komanso amene wakhala pansi kudikira mnzake. Kutsogolo kwa botoneki kumakhala mulu, kuseri kwake anthu akusewera ndi foni.

Pulena ikafa tsiku limodzi ndataya zingati?

Masamu omwewo, kungowatembenuza. Ikaima maola 8, ndipo mwakonzanso pulani bwino, omwe mwataya ndi maola a matebulo, 8 kuchulukitsa K30,000, K240,000. Ikapitirira maola 12 matebulo atha, yayamba kudya zitseko pa K40,000 ola lililonse. Ndiye mekaniki akakuuzani K60,000 kuti abwere lero, wina akuti K25,000 koma abwera mawa madzulo, musachite kuganiza kawiri. Pomwe macheka akafa maola awiri, bola pali matabwa odulidwa kale akudikira pa pulena, simunataye kanthu kupatula ya mekaniki.

Pali njira yopezera ola popanda kulipira ovataimu?

Ilipo, ndipo ine ndikanayambira kumeneko. Nthawi ya nkhomaliro pulena isamazime, anyamata azisinthana kukadya, pa masiku 5 mwapeza maola 5. Mipeni ya pulena muzinola kapena kusintha m'mawa ntchito isanayambe, osati 10 koloko matabwa ali pamzere. Muzipala matabwa a saizi imodzi pakamodzi kuti musamangosintha makulidwe. Ndipo thabwa lopindika, laliwisi kapena lokhala ndi msomali mkati muligwire lisanalowe mu pulena, chifukwa mukalitaya litapalidwa kale mwataya thabwa pamodzi ndi mphindi zake, ndipo msomali uja ukabenthula mpeni muima ola lathunthu.

Maola 5 a nkhomaliro aja pa K30,000 ndi K150,000 pa sabata mukawerengera masabata angapo pamodzi, kuchotsa mayuniti okha, bola matebulo akhale ndi owagula ndipo wa vanishi akwanitse.